Pepala la jogalafe la maola awiri lithere pa malikisi 80

Teremu yachitatu ikamapita kumapeto, m'chipinda cha aphunzitsi mumamveka funso limodzi: "Mwafika pa handiredi?" Aliyense amene akukonza mayeso amakhala akuphatikiza malikisi pakona ya pepala, ndipo akapeza 92 amayamba kusakasaka funso lina la malikisi 8 loti atsekere mpatawo. Ndakhala ndikuphunzitsa jogalafe kuno ku Mulanje kwa zaka zingapo, ndipo ndikufuna kunena poyera kuti timayambira kolakwika. Choyamba kuwerenga ndi nthawi. Mwana ali ndi mphindi 120, basi. Malikisi ayenera kubwera pambuyo, ngati malipiro a ntchito imene mwanayo angathe kugwira m'mphindi zimenezo. Mukawerenga moona mtima, mupeza kuti pepala la jogalafe la maola awiri, lokhala ndi mapu enieni, limathera pa malikisi 80.

Zimenezi sindinaziphunzire m'buku. Chaka china ndinakonzera ana anga a Fomu 3 mayeso otsekera chaka, ndipo pepalalo ndinkaliona ngati labwino kwambiri. Linali ndi mafunso 40 osankha yankho pakati pa A, B, C ndi D, malikisi 40. Kenako zimangirizo ziwiri, chilichonse malikisi 20. Kumapeto kwenikweni ndinaika mapu, malikisi 20. Zonse pamodzi 100, ndipo mtima unali m'malo.

Ana analipo 72. Nditayamba kuchonga, ndinaona chinthu chimene chinandisowetsa tulo. Gawo loyamba aliyense anamaliza. Chimangirizo choyamba ambiri analemba mwaudongo. Chachiwiri zilembo zinayamba kupendekera, ziganizo kuthera panjira. Pofika pa mapu, mapepala oposa theka anali oyera mbee. Mtsikana wina amene m'kalasi ankathandiza anzake kuwerenga mizere ya makontuwa, yosonyeza kukwera kwa malo pa mapu, anangoyankha funso limodzi, n'kulemba m'munsi mwake kuti nthawi yatha. Tsiku lobweza mapepala anandiuza mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, mapu aja ndimawadziwa, koma belu linalira ndisanatulutse ndi ulusi woyezera mtunda womwe."

Usiku umenewo ndinachita masamu amene ndinayenera kuchita ndisanasindikize. Mafunso 40 osankha, mphindi 40. Zimangirizo ziwiri, mphindi 25 chilichonse, zikwana 50. Mapu, mphindi 35. Zonse pamodzi 125, tisanawerengere nthawi yolemba dzina, yowerenga malangizo ndi yobwereza. Pepalalo silinkatheka. Malikisi amene ndinalemba pa malipoti chaka chimenecho ankayeza liwiro la dzanja, ndipo makolo anawawerenga ngati muyeso wa jogalafe.

Chimene ndimachita tsopano ndi ichi. Pa mphindi 120 ndimachotsapo 10 zowerengera pepala ndi kubwereza, zitsale 110. Mafunso osankha ndimawapatsa mphindi 12, ndipo amakhala 12, malikisi 12. Mapu amatenga mphindi 38 ndi malikisi 24. Mafunso anayi oyankha mwachidule, lililonse lochokera pa chithunzi, girafu kapena tebulo la manambala, amatenga mphindi 40 ndi malikisi 32. Chimangirizo chimakhala chimodzi, mphindi 20, malikisi 12. Malikisi onse 80. Wofuna kuona pa handiredi achulukitse ndi 1.25: mwana wopeza 52 wapeza 65 pa 100. Ntchito imeneyi ndi ya kanthawi kochepa pa foni, ndipo ndi ya mphunzitsi, osati ya mwana amene akupikisana ndi wotchi.

Muona kuti magawowa sindinawalipire mofanana. Funso losankha limapereka malikisi amodzi pa mphindi imodzi, pamene mapu ndi chimangirizo amafuna mphindi imodzi ndi theka kapena kuposerapo pa malikisi amodzi. Anzanga ena amakonda lamulo lakuti malikisi amodzi ndi mphindi imodzi paliponse. Lamulolo limagwira ntchito pa funso la "tchulani", koma limanama pamene mwana ayenera kugwira lula, kuyala ulusi, kapena kuganiza chiganizo m'Chingerezi asanachilembe.

Ndiyambe ndi mapu, chifukwa ndi pamene ndimakangana kwambiri ndi anzanga. Mapu ndiwo amasiyanitsa jogalafe ndi maphunziro ena onse. Mwana angathe kuloweza mayina a miyala usiku umodzi, koma sangaloweze mapu amene sanawaonepo. Komabe m'mayeso ambiri a pasukulu mapu amapatsidwa malikisi 10, kapena sapezekamo n'komwe, chifukwa kusindikiza n'kodula ndipo kukonza mafunso ake kumafuna kukhala pansi. Ine ndikuti mapu atenge malikisi 24 mwa 80, ndiye kuti 30 pa 100 iliyonse, ndipo abwere koyambirira, mutu wa mwana udakali wozizira.

Tiyeni tione m'kati mwa malikisi 24 amenewa, pogwiritsa ntchito mapu a sikelo ya 1:50,000, amene masentimita awiri papepala ndi kilomita imodzi pansi. Funso loyeza mtunda wa msewu wokhotakhota kuchoka pa mlatho kufika pa msika limaoneka laling'ono. Koma taonani zimene mwana amachita. Apeze mlatho, apeze msika, ayale ulusi potsata makona onse a msewu, autsine pamene wathera, auwongole pa lula, apeze masentimita 13. Kenako achulukitse 13 ndi 50,000, apeze masentimita 650,000, awasandutse makilomita 6.5. Zimenezi zimadya mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Kulipira ntchito yonseyi malikisi amodzi, monga ndimaonera m'mapepala ena, ndi kuphunzitsa ana kuti funso la mapu ndi lodumpha. Ine ndimapereka atatu: amodzi pa muyeso, amodzi pa njira, amodzi pa yankho lolembedwa m'makilomita.

Pa muyesowo pakhale malire olekerera. Ulusi umatamuka, zala zimanjenjemera, choncho ndimalandira chilichonse kuyambira masentimita 12.6 mpaka 13.4. Ndipo mwana amene wayeza 14, n'kuwerengera bwino kupeza makilomita 7, amataya malikisi amodzi okha a muyeso. Njira wayidziwa, ndiye tisamulange katatu pa cholakwa chimodzi. Mfundo imeneyi iyenera kulembedwa pa pepala lochongera mayeso asanalembedwe, chifukwa ukayamba kuiganizira uli pa pepala la makumi anayi, ana oyamba aja wawachitira nkhanza kale.

Funso la kutsetsereka kwa malo ndimalipatsa malikisi 4. Tinene kuti sukulu ili pa mzere wa mamita 700, thanki ya madzi ili pa mzere wa mamita 950, ndipo pakati pawo pali makilomita 5. Mwana awerenge mizere iwiriyo, achotsere, apeze mamita 250. Asandutse makilomita 5 kukhala mamita 5,000, agawe, apeze kuti malowo amakwera mita imodzi pa mamita 20 aliwonse. Apa ndi pamene mumadziwira amene wamvetsa, chifukwa woloweza amagawa 250 ndi 5 n'kulemba 50 mosakayika. Koma chenjerani: mtunda wa makilomita 5 muupereke m'funso momwemo. Musauchotse pa yankho la funso lapitalo. Mafunso omangirirana ngati mkufu amachititsa kuti wopunthwa poyamba agwe mpaka kumapeto, ndipo simudziwanso ngati kutsetsereka kwa malo amakudziwa kapena ayi. Onaninso m'mphepete mwa mapu, pakuti mapu ena akale amalemba kutalika m'mafiti.

Chithunzi chodula phiri pakati, chija timajambula potsata makontuwa, ndicho chimadya nthawi kuposa zonse. Mwana akayamba pa pepala loyera, kujambula mizere iwiri ya m'mbali ndi kusankha sikelo kungamutengere kotala la ola. Ine ndimamujambuliratu chimango ndi theka loyamba la phiri, iye amalize theka linalo ndi kuika chizindikiro pamene pali mtsinje ndi msewu. Malikisi 6, mphindi 11. Otsalawo ndimagawa motere: atatu pa manambala opezera malo, awiri pa mbali imene malo ena ali, ndi asanu ndi amodzi pa mafunso ofuna umboni wochokera pa mapu, monga chifukwa chimene nyumba zandandalikirana m'mbali mwa msewu, kapena chimene chikusonyeza kuti dera lina limalandira mvula yambiri.

Pali msampha wina umene ulibe chochita ndi nzeru za ana. Mapu aakulu akachepetsedwa pa makina a fotokope kuchoka pa A3 kupita pa A4, chilichonse chimafupika kufika pa 71 pa 100. Bokosi la mizere yopingasana ya pa mapu limene liyenera kukhala masentimita awiri limasanduka 1.4, koma mawu akuti 1:50,000 amakhalabe pansi pake osasintha. Mwana woyeza bwino amapeza yankho lolakwika, ndipo pepala lanu lochongera, limene munakonzera pa mapu enieni, limamukana. Mapepala akangobwera kosindikiza, tengani limodzi, ikani lula pa bokosi. Ngati si masentimita awiri, fufutani sikelo ya manambalayo, ana agwiritse ntchito sikelo ya mzere, imene imafupika limodzi ndi mapu. Onaninso ngati makontuwa akuonekabe, chifukwa mizere yofiirira ija imazimiririka pa fotokope yakuda ndi yoyera, ndipo m'malo otsetsereka ngati kuphiri kwathu kuno imaphatikizana n'kukhala mdima wokhawokha. Sankhani chigawo cha mapu chimene chili ndi zitunda zofatsa.

Tsopano mafunso osankha. Mnzanga wina amene timalemekezana kwambiri anandifunsa kuti, "Achimwene, ana 72, inu mukufuna tichonge mpaka liti? Mafunso a A, B, C, D amachongeka msanga, komanso amakhudza silabasi yonse." Zonsezi ndi zoona, ndipo n'chifukwa chake sindinawachotse. Mitu ngati mafunde a m'nyanja zazikulu, mitundu ya miyala, kapena kuzungulira kwa dziko, imene sindingathe kuipatsa funso lalitali, imalowera pamenepa. Vuto ndi kuchuluka. Mayankho akakhala anayi, mwana wongolota amakhoza funso limodzi pa anayi aliwonse. Pa mafunso 40, amatola malikisi pafupifupi 10 osatsegula kope. Pa mafunso 12 amatola atatu. Malikisi 10 aulere amabisa mwana amene akufunika thandizo, chifukwa amamukankhira pafupi ndi mzere wokhozera, ndipo mphunzitsi wa Fomu 4 amamulandira osadziwa kanthu.

Chachiwiri n'chakuti funso losankha labwino ndi lovuta kulemba, ndipo palibe amene amalemba abwino 40 sabata imodzi. Mayankho atatu olakwikawo ayenera kuchokera ku zolakwa zenizeni za ana. Mwachitsanzo: nthawi ikakhala 12:00 masana ku Greenwich, pa mzere wa madigiri 30 kum'mawa, umene nthawi ya Malawi imatsatira, ndi nthawi yanji? Madigiri 15 ndi ola limodzi, choncho yankho ndi 14:00. Mwa mayankho olakwika payenera kukhala 10:00, chifukwa ameneyo ndi mwana amene wachotsera m'malo mophatikiza, ndiponso 12:30, wa mwana amene wasandutsa madigiri kukhala mphindi. Ana makumi atatu akasankha 10:00, mwadziwa chimene mukabwereze Lolemba. Koma mukatopa pa funso la 25 n'kuyamba kuika mayankho oseketsa amene palibe angawasankhe, funsolo lasanduka la mayankho awiri, ndipo wolota amakhoza theka.

Msana wa pepala ndi mafunso anayi a malikisi 8 aja. Ndimawakonda chifukwa funso limodzi limakhala ngati makwerero: wofooka amaponda sitepe yoyamba, wamphamvu amafika pamwamba, ndipo palibe amene amatuluka chimanjamanja. Nali limene ndinaperekapo. Ndinajambula phiri la Mulanje ngati ladulidwa pakati, mivi ikusonyeza mphepo yachinyezi yochokera kum'mwera chakum'mawa, ku nyanja ya India kudzera ku Mozambique. Mbali imodzi ndinalemba Muloza, mbali ina Phalombe. Poyamba mwana atchule mtundu wa mvula imene ikupangika, malikisi amodzi. Kenako aike chizindikiro pa mbali imene imalandira mvula yambiri, malikisi amodzi. Chachitatu awerengere: ngati kutentha kumatsika madigiri 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse, kudzatsika bwanji kuchoka pa mamita 700 kufika pa mamita 3,000, pafupi ndi nsonga ya Sapitwa imene ili pa mamita 3,002? Kusiyana ndi mamita 2,300, yankho ndi madigiri pafupifupi 15, malikisi awiri. Pomaliza afotokoze chifukwa chimene chigwa cha Phalombe chimakhala chouma kuposa mbali ya minda ya tiyi, malikisi anayi.

Malikisi anayi omalizawo ndinawagawiratu: mphepo ikagunda phiri imakakamizika kukwera, ikakwera imazizira ndipo chinyezi chimasanduka mitambo, mvula imagwa mbali yomweyo, mphepo yotsikira kuseri yataya chinyezi ndipo imatenthera pamene ikutsika. Mfundo zinayi, malikisi anayi. Nambala imene ili m'mphepete mwa funso ndi lonjezo kwa mwana, imamuuza kuchuluka kwa zoti alembe. Mukalemba "tchulani zinthu ziwiri" n'kuika malikisi 6, mwana wanzeru amaima, akudabwa chimene wasiya. Mukalemba "fotokozani" n'kuika malikisi amodzi, amalemba ndime yathunthu n'kutaya mphindi zinayi. Mawu olamula ndi nambala ziyenera kunena chinthu chimodzi.

Mafunso anayiwa asachokere m'mudzi mokhamokha. N'zokopa kufunsa za tiyi, za Ruo, za mkungudza wa m'phiri, chifukwa ana amaziona tsiku ndi tsiku. Koma mayeso a MANEB sadzakhala a Mulanje. Limodzi la kwathu likwanira kuti mwana akhazikike mtima, atatu enawo amutulutse: girafu ya chiwerengero cha anthu, tebulo la mvula ndi kutentha kwa dera limene sanafikeko, chithunzi cha mtsinje kapena cha gombe. Posankha mitu ndimatsegula buku la sikimu n'kuwerenga masabata amene mutu uliwonse unatenga. Mutu umene ndinaphunzitsa masabata anayi sungapatsidwe malikisi awiri pamene umene ndinauthamangira Lachisanu lomaliza ukulandira asanu ndi atatu. Ana amazindikira zimenezi msanga, ndipo chaka chotsatira amasiya kukhulupirira kuti zimene timachedwapo m'kalasi ndizo zofunika.

Pa chimangirizo m'pamene ndikudziwa kuti ambiri sagwirizana nane. Amati mwana wa sekondale ayenera kuphunzira kulemba zazitali, ndipo akadzakhala pa mayeso a MSCE adzakumana nazo. Sindikutsutsa. Koma tiyeni tinene zoona pa chimene chimangirizo chimayeza m'sukulu zathu. Ana athu amaganiza m'Chichewa, ena analeredwa ndi agogo olankhula Chilomwe, ndipo pepala limalembedwa m'Chingerezi. Mnyamata amene amathyola tiyi nthawi ya tchuthi amadziwa za chiperoni kuposa ine, amadziwa mmene mvula yowaza ya miyezi yozizira imasungira masamba obiriwira. Mpatseni chithunzi, amayankha. Mpatseni tsamba loyera ndi malikisi 20, amatha mphindi zisanu akusaka mawu oyambira. Malikisi 40 mwa 100 akakhala pa zimangirizo, monga zinalili pa pepala langa lija, ndiye kuti talembetsa Chingerezi kachiwiri pansi pa dzina la jogalafe. Kuzolowetsa ana kulemba zazitali kuchitike m'kati mwa teremu, pamene ndingabweze pepala ndi ndemanga ndipo mwana n'kulembanso. Pa mayeso omaliza chimodzi chikwanira kuona ngati angalumikize mfundo.

Palinso mbali ya wochonga, imene sitikonda kuitchula. Walira mvula walira matope. Zimangirizo ziwiri kwa ana 72 ndi zimangirizo 144. Chilichonse chikatenga mphindi zisanu, amenewo ndi maola 12 a kuwerenga kokha, ndipo malipoti amafunika sabata yomweyo. Palibe munthu amene amachonga chimangirizo cha 130 ndi diso limene anachongera chachitatu. Pofika usiku, zilembo zokongola zimayamba kupeza malikisi amene mfundo sizinapeze. Gawo limene kuchonga kwake kumadalira kutopa kwa mphunzitsi lisamanyamule malikisi ochuluka chotere.

Chimangirizo changa cha malikisi 12 chimafuna mfundo zinayi, iliyonse malikisi atatu: amodzi potchula, amodzi pofotokoza mmene chinthucho chimachitikira, amodzi pa chitsanzo kapena zotsatira zake. Mphindi 20 zimapereka zisanu pa mfundo iliyonse. Ndikafunsa zimene zimachititsa kuti kugumuka kwa nthaka kuwononge kwambiri midzi ya m'munsi mwa phiri, mwana wolemba kuti "kudula mitengo" wapeza amodzi. Akawonjezera kuti mizu imagwira dothi ndipo masamba amachepetsa mphamvu ya madontho, wapeza awiri. Akafika ponena kuti dothi lokhuta madzi pa malo otsetsereka limalemera n'kuseseleka limodzi ndi miyala kutsata zigwa za mitsinje kumene anthu amanga, wapeza atatu onse. Mphunzitsi wina atachonga pepala lomwelo, tikhoza kusiyana malikisi amodzi, osati asanu.

Nanga kupatsa ana mwayi wosankha mafunso? Timaganiza kuti ndi chifundo, koma nthawi zambiri si chifundo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mwana wopatsidwa mafunso asanu kuti asankhe awiri amatha mphindi akuwerenga onse, amayamba limodzi, amalisiya, amayamba lina. Komanso mafunso awiri salemera mofanana ngakhale mutawapatsa malikisi ofanana. Kuno kwathu funso la zinthu zimene zimathandiza ulimi wa tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo ndi lopepuka kuposa la kugumuka kwa nthaka, chifukwa mvula yambiri, nyengo yozizirira, dothi lakuya losasunga madzi ndi anthu ambiri ogwira ntchito zili m'kope la mwana aliyense. Wopeza 10 pa tiyi ndi wopeza 7 pa nthaka mwina ndi ofanana, koma lipoti silinena zimenezo. Choncho pa mapu ndi pa mafunso anayi aja sindipereka mwayi wosankha ngakhale pang'ono.

Pa chimangirizo pokha ndimaika mafunso awiri, ndipo chifukwa chake si cha masamu. Namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023, m'makalasi mwathu munatsala ana amene anataya makolo, abale ndi nyumba. Akuluakulu a ku Phalombe amakumbukiranso napolo wa 1991. Mutu umenewu uyenera kuphunzitsidwa, ndipo ndi ana a kuno amene akufunika kuudziwa kuposa wina aliyense. Koma sindingatsekere mwana m'chipinda cha mayeso ndi funso limodzi lokha lomukakamiza kulemba za matope amene anatenga amayi ake. Pakhale khomo lina. Ndimangoonetsetsa kuti mafunso awiriwo ali ndi thupi lofanana, mfundo zinayi za malikisi atatu, ndipo lachiwirilo silingoyitana mndandanda woloweza. M'malo mofunsa zimene zimathandiza tiyi, ndimafunsa mavuto amene amabwera m'midzi pamene malo ambiri achonde ali m'manja mwa maesiteti ndipo anthu akuchulukirachulukira. Pamenepo aliyense ayenera kuganiza.

Pepala likatha kulembedwa, ndimaliyesa ndisanalipereke kosindikiza. Ndimakhala pansi ndi cholembera, lula ndi ulusi, n'kuliyankha lonse ndi dzanja, ziganizo zathunthu, wotchi ili patebulo. Ine ndinalemba mafunsowo ndipo mayankho ndikuwadziwa, choncho nthawi yanga ndimaichulukitsa katatu. Ndikamaliza m'mphindi 35, ndiye kuti ana afunika 105, ndipo pepala lili bwino. Ndikapitirira 40, ndimachotsa funso, sindichepetsa malikisi ake n'kulisiya momwemo, chifukwa funso lotsika mtengo limadyabe mphindi zomwe zija. Kenako ndimapempha mphunzitsi wa phunziro lina kuti aliwerenge. Madamu ena ophunzitsa masamu ndi amene anandionetsapo kuti pa mapu anga panali milatho iwiri, pamene funso linkangoti "mlatho".

Mayeso akatha, mapepala ochongedwa amanena okha ngati kagawidwe kanali bwino. Ndimawerenga malo osayankhidwa. Akakhala omwazikana, mwana uyu wasiya apa, uyo wasiya apo, ndiye kuti ndi nkhani ya kudziwa ndi kusadziwa. Akaunjikana kumapeto kwa pepala, ngakhale kwa ana amene akhoza bwino koyambirira, ndiye kuti nthawi inachepa ndipo wolakwa ndi wokonza pepala. Ndimayang'ananso mapepala khumi apamwamba ndi khumi apansi, funso ndi funso. Funso limene onse makumi awiri akhoza silinasiyanitse aliyense. Limodzi kapena awiri otere poyambira ndi abwino kuti mtima ukhale pansi, koma osati malikisi khumi. Funso limene ana apamwamba alakwa kuposa apansi nthawi zambiri limakhala ndi mawu a matanthauzo awiri, kapena yankho langa ndilo lolakwika.

Chaka chatha, pa pepala la malikisi 80, pafupifupi ana onse anafika pa chimangirizo n'kulemba mfundo zosachepera zitatu. Chimene chinavutabe ndi chithunzi chodula phiri chija. Ambiri anajambula bwino mzere wa phiri, koma anaika mtsinje pamwamba pa chitunda, chifukwa pa fotokope mzere wa mtsinje ndi wa makontuwa zinkaoneka zakuda mofanana. Chaka chino ndadutsitsa cholembera chonenepa pa mtsinjewo ndi kulembapo dzina lake ndisanapereke mapu kosindikiza, ndipo pa malikisi 6 a funsolo ndasamutsa amodzi kuchoka pa kujambula kupita pa kufotokoza chimene chikusonyeza kuti pamenepo ndi chigwa.